Milomo isunthe, njerwa zikhale pomwepo: kukonza kumwetulira ndi Liquify

Aliyense amene amajambula maukwati, zinkhoswe kapena miyambo yolandira madigiri amachidziwa chithunzi cha mtundu uwu. Kuwala kwagwa bwino, maso ali gwa pa kamera, zovala zakhala m'malo mwake, koma pakamwa pagwidwa pa nthawi yolakwika. Munthuyo anali atangoyamba kumwetulira, kapena kumwetulirako kunali kukutha, ndiye mbali imodzi ya milomo yakwera pomwe inayo yatsalira. Mwambo unatha, alendo anabalalika, kujambulanso sikungatheke.

Apa ndi pamene ambiri amatsegula Photoshop n'kupita pa Filter > Liquify. Chida chimenechi chinalowa mu Photoshop 6.0 m'chaka cha 2000, patapita zaka khumi kampani ya Adobe itatulutsa pulogalamuyi koyamba mu 1990. Mbiri yake ndi yosakanikirana. Zithunzi zambiri zimene anthu amaseka pa intaneti, zija chitseko chimaoneka chopindika pafupi ndi chiuno cha munthu, zinadutsa m'chida chimenechi kapena china chofanana nacho. Koma ntchito yochitidwa bwino ndi chida chomwechi siidziwika n'komwe, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kumayambira pa kumvetsa zimene Liquify amachita kwenikweni.

Liquify sajambula chilichonse chatsopano. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho tamabokosi totchedwa mapikiselo, ndipo chidachi chimangokankha timadontho timene tilipo kale kuchoka apa kupita apo. Zili ngati nkhope yosindikizidwa pa nsalu yotamuka: munthu akatsina pamlomo n'kukokera m'mwamba, tsaya limafinyika, chibwano chimatamuka, ndipo akakoka kwambiri zonse zozungulira mutu zimatsatira. Pulogalamuyi siisiyanitsa khungu ndi khoma. Chilichonse chimene chalowa m'bwalo la burashi chimayenda.

Ndiye funso lenileni pa ntchitoyi ndi la mtunda. Kuchokera pothera milomo kukafika pamene tsaya lathera ndipo khoma layambira, pali mapikiselo angati? Nkhope ikayang'ana kamera mwachindunji, mtundawu umakhala wautali mbali zonse ziwiri ndipo zakumbuyo sizikhala pangozi kwenikweni. Koma ojambula ambiri amakonda kuti munthu apotoloze mutu pang'ono, ndipo akatero ngodya ya milomo ya mbali yakutali imayandikana kwambiri ndi m'mphepete mwa tsaya. Makoma ambiri amapindikira pamenepo.

Tiyerekeze chithunzi cha mtsikana amene wavala gauni yake ya digiri, ataima kutsogolo kwa khoma la njerwa zosapaka pulasitala. Chithunzicho ndi cha mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 6000 m'litali, monga zimatulutsa makamera ambiri a masiku ano. Pakamwa pake ndi potseka ndipo patenga mapikiselo 520. Ngodya ya milomo ya mbali yapafupi ili mapikiselo 600 kuchokera m'mphepete mwa nkhope ndipo yakwera bwino. Ya mbali yakutali ili mapikiselo 180 okha kuchokera pothera tsaya, ndipo ndi yomwe yagwa. Kuseri kwa tsayalo kukudutsa mzere wa simenti wa pakati pa njerwa, wowongoka ngati wojambula ndi rula. Pafunika kukweza ngodya imeneyo ndi mapikiselo 14 kapena 15. Chithunzicho chikatsukidwa pa pepala lotalika masentimita 30, kusunthako sikukwana ndi milimita imodzi yomwe, koma pankhope ya munthu kumasintha zambiri.

Asanakhudze mlomo, wodziwa ntchito amateteza chithunzi choyambirira. Amadina Ctrl+J kuti apange leya ina yofanana nayo pamwamba pake, kenako amasankha Filter > Convert for Smart Filters. Leya yapamwambayo imasanduka Smart Object, ndipo Liquify akagwiritsidwa ntchito pamenepo salemba pa mapikiselo enieniwo. Dzina lake limangokhala pansi pa leyayo, ndipo mawa kapena mwezi wamawa munthu angathe kulidina kawiri n'kupeza zonse mmene anazisiyira. Phindu lina ndi lakuti pamabwera masiki, imene idzathandize kwambiri kumapeto. Wogwiritsa ntchito Mac amadina Cmd paliponse pamene pali Ctrl.

Shift+Ctrl+X amatsegula zenera la Liquify. Kuyambira mu Juni 2016, pamene Photoshop CC 2015.5 inatuluka, m'zeneramo muli gawo lotchedwa Face-Aware Liquify, limene limapeza lokha maso, mphuno, pakamwa ndi nsagwada. Pansi pa Mouth pali timizere tisanu tokhala ndi kachikhomo kosuntha: Smile, Upper Lip, Lower Lip, Mouth Width ndi Mouth Height. Kachikhomo kalikonse kamayambira pa 0 ndipo kamatha kupita mpaka 100 kapena kutsika mpaka -100. Ngati pachithunzi pali anthu angapo, pa Select Face ndi posankhira nkhope yofunikayo. Gawoli limadalira chipangizo cha zithunzi cha kompyutayo, choncho likakana kugwira ntchito malo oyamba kuyang'ana ndi Edit > Preferences > Performance, kuona ngati Use Graphics Processor ndi yochongedwa.

Kachikhomo ka Smile n'kokopa, chifukwa kungokakoka kamodzi nkhope yasintha. Pa 10 kapena 15 nthawi zambiri kamapereka zabwino. Kakamapitirira 30, milomo imayamba kuoneka ngati yakokedwa ndi ulusi pomwe nkhope yonse ili duu. Pa chithunzi cha mtsikana uja pali vuto linanso: kachikhomoka kamakweza mbali zonse ziwiri limodzi, pomwe yofunika kukwera ndi imodzi. Maso ali ndi tizikhomo tiwiritiwiri, ka diso lililonse, koma pakamwa alibe mwayi umenewo. Choncho wojambula akhoza kuika Smile pa 6 kapena 8 kuti afewetse milomo yonse, kapena kungomusiya pa 0, n'kugwira ntchito yotsalayo pamanja. Tizikhomo ta Jawline ndi Face Width sakhudza n'komwe, chifukwa ntchito yake ndi kusuntha malire a nkhope, ndipo malire akasuntha khoma limasuntha nawo.

Ntchito ya pamanja imayamba ndi kuumitsa zimene siziyenera kuyenda. Chida cha Freeze Mask, chimene chimabwera podina F, chimapaka utoto wofiira pa chithunzi, ndipo burashi ikadutsa popakapo sipasuntha. Utotowo ndi wongoonetsa, sutsala pa chithunzi. Wojambula amapaka khoma lonse la kuseri kwa tsaya lakutalilo, kuchokera pakhutu kutsika mpaka m'khosi, ndipo amalowa pang'ono mkati mwa tsaya, mwina mapikiselo 20 kapena 30, kuti malire a nkhopewo aumenso. Amapakanso mphuno, ndolo, ndi felemu ya magalasi ngati ilipo. Akapitirira muyezo, chida cha Thaw Mask, chodina D, chimafufuta.

Pali njira ina yachidule imene ena amaikonda. Amadina Mask All kuti chithunzi chonse chifiire, kenako ndi Thaw Mask amatsegula kadera ka pakamwa ndi tsaya kokha. Njirayi ndi yabwino pa chithunzi cha gulu, pamene phewa kapena tsitsi la wina lili pafupi.

Komabe kuumitsa kuli ndi mtengo wake, ndipo ongoyamba kumene sauona msanga. Khungu limene likukankhidwa liyenera kupeza kopita. Ngati utoto wofiira wapakidwa pafupi kwambiri ndi milomo, tinene mapikiselo 40 okha kuchokera pa ngodya, khungu lonse lokankhidwalo limaunjikana m'kampata kameneko ndipo pamatuluka kamzere kakuda kooneka ngati chipsera. Kuseri kwa burashi nako khungu limatamuka mopitirira ndipo timabowo take timatalika. N'chifukwa chake dera lotseguka liyenera kukhala lalikulu ndithu kuposa kusuntha kumene kukufunika. Pa chithunzi chathuchi, kuchotsa 30 pa 180 kumasiya mapikiselo 150 oti kusuntha kwa 14 kuzimiririke pang'onopang'ono, ndipo amenewo ndi okwanira.

Tsopano burashi. Chida chokankhira ndi Forward Warp, chodina W, ndipo nambala ya pa Size ndi kukula kwa bwalo lonse kuchokera mbali ina kufika ina. Burashi ya 500 ikaikidwa pa ngodya ya milomo imafika mapikiselo 250 mbali iliyonse, kutanthauza kuti mapikiselo 70 a khoma alowa m'bwalo. Popanda kuumitsa, mzere wa simenti uja upindika. Burashi ya 300 imafika 150 basi ndipo imathera mkati mwa tsaya. Wina angaganize kuti ndiye bwino kutenga yaing'ono kwambiri, ya 60 kapena 80, koma imeneyo imabweretsa tsoka lina. Imasuntha kadontho kamodzi n'kusiya zoyandikana nazo, ndipo mzere wa milomo umasanduka wamabampu. Burashi yoyenera ndi yaikulu kwambiri mwa zonse zimene zingakwane mkati mwa nkhope. Mabatani a [ ndi ] amaichepetsa ndi kuikulitsa popanda kuchotsa diso pa chithunzi.

Manambala ena awiri amagwira ntchito limodzi ndi kukulako. Pressure imanena mphamvu ya kukankha. Ikakhala pa 100, dzanja likangogwedezeka mlomo wathawa, choncho ambiri amaitsitsa kufika pakati pa 15 ndi 30. Density imanena mmene mphamvuyo imazilalira kuchokera pakati pa bwalo kupita m'mphepete. Ikakhala yotsika, pakati pokha ndi pamene pamakoka kwambiri, ndipo ikakhala yokwera bwalo lonse limayenda ngati chinthu chimodzi. Pa 50 ndi poyambira pabwino. Nambala ya Rate ilibe ntchito pano, ndi ya zida zina zimene zimapitiriza kugwira ntchito mausi itaima malo amodzi, monga Bloat ndi Pucker.

Kukankhako kumatsata mmene thupi limachitira. Mnofu waukulu wa kumwetulira umayambira pa fupa la tsaya n'kutsikira pa ngodya ya milomo, choncho ukakoka, ngodyayo imapita m'mwamba ndi kunja nthawi imodzi, molunjika kumtunda kwa khutu. Wojambula amaika pakati pa burashi kunja pang'ono kwa ngodyayo, n'kukankha kanayi kapena kasanu, ulendo uliwonse mapikiselo atatu kapena anayi, m'malo mokoka kamodzi n'kamodzi. Akakankha molunjika m'mwamba, milomo imapanga kambedza kumapeto kwake, ndipo ndi chizindikiro chimene diso lozolowera limachigwira msanga.

Milomo yokha siikwanira. Dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne de Boulogne, m'buku lake la mu 1862 lonena za kaonekedwe ka nkhope ya munthu, anasonyeza kuti kumwetulira kwa chimwemwe chenicheni kumagwiritsanso ntchito mnofu wozungulira diso. Tsaya limakwera, chikope cham'munsi chimatukuka pang'ono, ndipo m'mbali mwa diso mumabwera timakwinya. Duchenne anajambula zithunzi za anthu amene ankawagwedeza minofu ya kumaso ndi magetsi, ndipo anaona kuti pakamwa pakakwera pokha, maso osatengako mbali, nkhopeyo imaoneka yonamizira. Liquify wogwiritsidwa ntchito pamilomo pokha amabereka nkhope yomweyo. Choncho ngodya ikakwera ndi 14, wojambula amatenganso burashi yomweyo n'kukweza nsonga ya tsaya ndi mapikiselo asanu kapena asanu ndi limodzi, komanso chikope cham'munsi ndi awiri kapena atatu, ataumitsa kaye diso lenilenilo kuti lisasinthe maonekedwe. Khwinya lotsika kuchokera pamphuno kupita pakamwa liyeneranso kutsatira ngodyayo, osati kutsala m'malo ake akale.

Apa ndi pamenenso malire a chidachi amaonekera. Sichingabweretse timakwinya ta m'mbali mwa diso ngati panalibe, ndipo sichingasinthe mithunzi imene tsaya lokwera likanagwetsa. Nkhope yokwiya siisanduka yosangalala, imangosanduka yokwiya yopinda milomo. Pakamwa potseka sipatseguka, chifukwa mano ake kamera sinawaone.

Mano akakhala poonekera, ntchito imakula. Mlomo ndi wofewa ndipo ukapindika palibe amadabwa, koma dzino ndi lolimba, ndipo likapendekeka kapena kutalika aliyense amaona kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula. Mano amaumitsidwa ndi Freeze Mask asanayambe chilichonse, ndipo mlomo umasunthidwa pang'ono kwambiri, chifukwa ukakwera palibe nkhama kapena dzino lobisika limene lingatulukire. Zimene zili pamenepo zimangotamuka. Ndevu nazo zimaulula: tsitsi lililonse ndi kamzere, ndipo timizere tambiri tikapindikira mbali imodzi timaonetsa njira imene burashi inadutsa.

Kuona ngati khoma lasuntha sikufuna kungodalira maso. M'zenera lomwelo, pansi pa View Options, muli Show Mesh, imene imayala ukonde wa mabokosi pamwamba pa chithunzi. Pamene burashi sinafike mabokosiwo amakhala owongoka, ndipo pamene yakankha amapindika. Ngati ukonde wapindika kunja kwa tsaya, chida cha Reconstruct, chodina R, chimabwezera malowo mmene analili, pokhapo pamene chadutsa. Chida cha Smooth, chodina E, chimasalaza mabampu a kukankha kosalingana. Palinso batani la Reconstruct kumanja, limene limatulutsa nambala yochepetsera ntchito yonse ya burashi nthawi imodzi. Kuitsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 70 nthawi zambiri kumakonza chithunzi, chifukwa munthu akayang'anitsitsa mlomo kwa nthawi yaitali diso limazolowera ndipo amapitirira muyezo osadziwa.

Mayeso otsimikiza amachitika atadina OK. Pa gulu la Layers, wojambula amasintha leya yapamwamba kuchoka pa Normal kupita pa Difference. Photoshop imayerekeza leyayo ndi yoyambirira ili pansi pake: paliponse pamene zikufanana pamada bii, ndipo pamene pasintha pamawala. Ntchito yabwino imaonetsa kuwala kozungulira milomo, tsaya ndi pansi pa diso basi. Kamzere kakaonekera pa njerwa kapena potsata malire a tsaya, ndiye kuti pasuntha. Nthawi zina kuwalako kumakhala kochepa kwambiri moti sikuoneka, ndipo leya ya Levels yoikidwa pamwamba kwa kanthawi, kachikhomo kake koyera katakokeredwa kumanzere, imakuonetsa poyera.

Masiki ija imagwira ntchito yake pano. Ndi kabokosi koyera kali pafupi ndi mawu akuti Smart Filters. Wojambula amakadina, n'kutenga burashi wamba yofewa yokhala ndi utoto wakuda, n'kupaka pakhoma ndi m'mphepete mwa tsaya. Popakidwa chakuda, Liquify amazimiririka ndipo mapikiselo oyambirira amabwerera ndendende. Izi zimathandiza makamaka pa zimene kachikhomo ka Smile kasuntha mosafunika. Chofunika kusamala n'chakuti malire a masikiyo adutse pakhungu losalala, pamene kusuntha kwatha kale mphamvu. Akadutsa pamzere umene wasuntha, monga pa khwinya la pamphuno, mzerewo umaoneka pawiri, wakale ndi watsopano. Akamaliza amabwezera leya pa Normal.

Nanga ngati malire a tsayalo akuyenera kusuntha ndithu? Zimachitika pamene munthu wajambulidwa cham'mbali kwambiri, pomwe milomo yake ikukhudzana ndi khoma ndipo palibe mtunda uliwonse wotsala. Kuumitsa sikuthandiza pamenepo. Njira yake ndi kulekanitsa munthu ndi khoma. Wojambula amazungulira mutu ndi mapewa ndi chida cha Pen, n'kuzikopera pa leya yakeyake, kenako pa leya yapansi amatenga Clone Stamp n'kupitiriza njerwa ndi mizere yake kulowa pansi pa tsaya, mwina mapikiselo 50. Liquify akagwira ntchito pa leya ya munthu yekha, palibe khoma loti alikoke. Tsaya likatulukira kunja limangophimba njerwa, ndipo likalowa mkati pamaoneka njerwa zopitirizidwa zija. Nthawi yambiri imapita pa kudula tsitsi bwinobwino, ndipo pa chithunzi chimodzi mwa mazana a paukwati, nthawi zina chanzeru ndi kungosankha china chimene chinajambulidwa mphindi yomweyo.

Kusintha kwa nkhope yokha anthu sakugwira msanga. Mu 2019 akatswiri a ku Adobe ndi a ku yunivesite ya California ku Berkeley anaonetsa anthu zithunzi ziwiriziwiri, china choyambirira ndipo china chosinthidwa ndi Face-Aware Liquify, ndipo anthuwo analoza chosinthidwacho maulendo 53 okha pa 100 alionse, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kungolotera. Mzere wa njerwa ndi nkhani ina, chifukwa aliyense amadziwa kale mmene uyenera kukhalira. Ojambula ena amachepetseratu vutoli pa nthawi yojambula poimitsa munthu mamita awiri kapena atatu kutali ndi khoma ndi kutsegula kwambiri maso a lenzi kuti zakumbuyo zisaoneke bwino, pakuti mzere wosaoneka bwino ngakhale utapindika pang'ono sudziwika.

Pali zithunzi zina zimene Liquify saloledwa n'komwe. Cha pa pasipoti kapena chiphaso chiyenera kuonetsa nkhope mmene ilili. Mabungwe otumiza nkhani monga Associated Press ndi Reuters saloleza kusintha zimene zili m'chithunzi cha nkhani, ndipo mu 2015 mpikisano wa World Press Photo unachotsa pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene anafika kumapeto chifukwa chosintha zithunzi mopitirira. Pa chithunzi cha mu situdiyo kapena cha paukwati, mwini nkhope ndi amene ali ndi mawu, ndipo ena amakana. Milomo yopendekera mbali imodzi ikhoza kukhala mmene munthuyo amamwetulira masiku onse, ndipo achibale ake amamudziwira pamenepo. Zithunzi zina za tsiku lomwelo zimayankha funsoli: ngati mbali imeneyo ndi yotsika pa zonse, si kamera imene inalakwitsa.

Pa chithunzi cha mtsikana wa gauni uja, zithunzi zina zikusonyeza kuti amamwetulira mofanana mbali zonse, choncho kukonzako kuli m'malo. Wojambula amachiyang'ana komaliza pa Ctrl+1, pamene pikiselo imodzi ya chithunzi imalingana ndi imodzi ya sikirini, kuti aone ngati khungu latamuka. Kenako amachichepetsa mpaka kukula ngati cha pafoni, chifukwa m'pamene mlomo wopitirira muyezo umadziwikira bwino. Amasunga fayilo ya PSD yokhala ndi maleya onse, kuti mwini wake akanena kuti zachuluka adzangotsitsa nambala ya Reconstruct, ndipo ya JPEG ndi imene imapita kotsukitsa.